Payekhapayekha, kusonkherana, kapena kopaletivi: mawu kwa alimi anzanga pa za chakudya cha ng'ombe ndi nkhunzi

Wapampando, amayi ndi abambo, alimi anzanga,

Ndaimirira kuti ndikupempheni chinthu chimodzi: gulu lathuli lisanduke kopaletivi, yoti izitigulira chakudya cha ng'ombe pamodzi, kenako idzasunge nkhunzi imodzi ya tonse. Ndinenerezu mbali yanga kuti musavutike kundifunafuna. Pa chakudya sindikukayika ngakhale pang'ono. Pa nkhunzi ndikuvomera, koma ibwere pambuyo, ndipo ipeze malamulo atalembedwa kale. Njira zina ziliponso, ndipo ena mwa inu zikukuyenderani bwino, ndiye ndiziika zonse pambalambanda kuti muyese nokha.

Kuti tisamangolankhula m'malere, tiyerekeze gulu la alimi 20, aliyense ali ndi ng'ombe zazikazi ziwiri. Zonse pamodzi ndi 40. Tinene kuti pa nthawi iliyonse 30 zikukamidwa, ndipo iliyonse imalandira makilogalamu atatu a chakudya chowonjezera patsiku, kupatula udzu. Manambalawa ndi ongoyerekezera, mudzaikepo anu. Ndiwerenga m'matumba a makilogalamu 50, osati m'ndalama, chifukwa mitengo imasintha mwezi ndi mwezi koma thumba limakhala thumba.

Ng'ombe 30 kudya makilogalamu atatu iliyonse ndi makilogalamu 90 patsiku. Pamwezi ndi 2,700, kapena kuti matumba 54. Pachaka ndi matumba 648. Chiwerengero chimenechi muchisunge, ndibwereranso nacho. Mlimi mmodzi pa gulu lotere amagula matumba awiri kapena atatu pamwezi, koma tonse pamodzi timagula zodzaza galimoto. Wogulitsa salankhula chimodzimodzi ndi anthu awiri amenewa.

Njira yoyamba ndi imene tikuyendamo lero, aliyense kugula yekha. Ubwino wake ulipo ndithu. Palibe msonkhano, palibe wokufunsa, ukapeza ndalama umagula, ukasowa umadikira. Palibe amene angathawe ndi ndalama zako. Koma taonani zimene umalipira mwakachetechete. Umagula pa mtengo wa munthu womaliza, pamene wopikula ndi wonyamula aikapo kale phindu lawo. Umalipira ulendo wathunthu chifukwa cha matumba awiri. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti umagula nthawi imene wasowa, osati nthawi imene zatsika mtengo. Madeya amachuluka ndi kutsika mtengo anthu akangokolola, ndipo amasowa ndi kukwera m'miyezi yoyandikira kukolola kwina. Mlimi wogula payekha amagula pang'ono pa nthawi yotsika chifukwa m'thumba muli zochepa, ndiye amakagwa m'manja mwa wogulitsa pa nthawi yokwera. Mukafika pamenepo mumayamba kuchepetsa muyeso, ng'ombe n'kutsitsa mkaka. Ng'ombe ikatsitsa mkaka pakati pa nyengo yake yokamidwa chifukwa cha njala, sibwerera msanga pamene inali ngakhale mubwezeretse chakudya.

Njira yachiwiri ndi yosonkherana mwa apo ndi apo. Anthu asanu kapena khumi amapangana, amapereka ndalama kwa mmodzi, iye amakagula, akabwera amagawana pomwepo. Njira imeneyi ndimailemekeza, ndipo gulu laling'ono la anthu odziwana bwino lisathamangire kuisiya. Siifuna kulembetsa, siifuna nyumba yosungiramo katundu, ndipo imachotsa kale mtengo wa ulendo. Malire ake ndi awa. Imathandiza pa ulendo umodzi basi, singasunge katundu wa miyezi itatu chifukwa katunduyo alibe mwini wodziwika. Ndalama zimakhala m'dzina la munthu, ndiye munthuyo akadwala, akamwalira, kapena akangosintha mtima, mulibe pogwira. Wogulitsa wamkulu sangakupatseni mgwirizano wolemba chifukwa alibe woti asainirane naye. Ndipo tsiku limene thumba limodzi lipezeka lonyowa, funso loti litayike la ndani limatha kuphwasula ubale wa zaka zambiri.

Njira yachitatu ndiyo kopaletivi yolembetsedwa. Kusiyana kwake kwenikweni si kuchuluka kwa anthu ayi. N'kwakuti gululo limakhala ngati munthu pamaso pa lamulo: litha kutsegula akaunti ku banki m'dzina lake, kukhala ndi katundu, kusaina mgwirizano, ngakhale kusumira munthu. Aliyense amagula masheya, ndipo ndalama za masheyazo ndizo mpamba wogulira katundu woyamba. Pa msonkhano munthu aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi ng'ombe imodzi kaya zisanu ndi chimodzi. Mtengo wake musaubise: pali kulembetsa, pali mabuku oyenera kulembedwa tsiku ndi tsiku, pali kuwerengetsa chuma chaka ndi chaka, pali misonkhano yotopetsa. Gulu limene lilibe munthu ngakhale mmodzi wokonda kulemba molongosoka lisayambe, liyambe lapeza munthuyo.

Tikasankha kopaletivi, pali mafunso awiri a chakudya amene amasokoneza magulu ambiri, ndiye ndikhalepo pang'ono.

Loyamba: tigule chosakaniza kale, kapena tigule zosakanizira tizisakaniza tokha? Chosakaniza kale n'chosavuta, ndipo ngati wopanga ndi wokhulupirika mumadziwa chimene chili m'thumba. Chakudya cha ng'ombe yamkaka chimafunika kukhala ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 16 pa 100. Madeya okha ali ndi magawo pafupifupi 10, n'chifukwa chake ng'ombe yodya madeya okha imaoneka yokhuta koma mkaka suwonjezeka. Kusakaniza tokha ndiko kumatsitsa mtengo kwambiri. Zotsalira za soya akafinya mafuta zimakhala ndi zomanga thupi zopitirira magawo 40. Mukatenga makilogalamu 80 a madeya, 18 a zotsalira za soya, ndi awiri a mchere wosakaniza wa ziweto, mumafika pafupi ndi 16 uja. Zotsalira za mpendadzuwa ndi zofookerapo, ndipo mphamvu yake imasiyana malinga ndi kuchuluka kwa makoko amene atsalamo, ndiye zimafunika zochulukirapo, mwina makilogalamu 28 pa madeya 70. Ine ndikuti chaka choyamba tigule madeya ochuluka pa nthawi yotsika mtengo, zotsalirazo tizigula za mwezi umodzi kapena iwiri, tizisakaniza pang'onopang'ono pa simenti yoyera, pogwiritsa ntchito sikelo osati chidebe. Chidebe chimanama, chifukwa madeya ouma ndi opepuka ndipo achinyezi ndi olemera.

Apa ndi pamene kugula zambiri kungatilume. Munthu wogula matumba awiri akagula oipa, wataya awiri. Ife tikagula oipa tataya 160. Madeya achinyezi amatentha m'kati mwa thumba, amaumbika zibuma, amachita nkhungu. Nkhungu zina zimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene saoneka ndi maso, satha ndi kuyanika, ndipo amadutsa m'thupi la ng'ombe n'kukalowa mumkaka umene ana amamwa. Choncho olandira katundu akhale awiri, osati mmodzi. Alowetse dzanja pakati pa thumba, osati pamwamba pokha. Ngati m'kati muli mofunda, ngati afinya m'manja madeya n'kuumbika osamwazika, ngati akununkha chivunde, thumbalo libwerere pa galimoto yomweyo. Ayezenso matumba angapo pa sikelo, chifukwa thumba lotchedwa la 50 nthawi zina limalemera 46. Mosungiramo matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma. Akhale pa matabwa okwera, mpweya uzidutsa, ndipo olowa poyamba azituluka poyamba. Madeya ali ndi mafuta, ndiye sakhalitsa ngati chimanga cha maso. Musakopeke kugula za chaka chonse. Za miyezi itatu, zomwe pa chitsanzo chathu ndi matumba 162, n'zokwanira poyambira.

Funso lachiwiri ndilo limakhumudwitsa anthu: kopaletivi izigulitsa kwa mamembala pa mtengo wanji? Ambiri amafuna mtengo umene tagulira, popanda kuikapo kanthu, amati nanga si ndi zathu zomwe. Ndikumvetsa, koma njira imeneyo imapha mpamba. Makoswe adya thumba, lina lanyowa, mtengo wakwera pofika ulendo wachiwiri, ndipo mumapeza kuti ndalama zimene zinagula matumba 160 tsopano zikugula 140. Vuto limeneli si latsopano. Kopaletivi yotchuka imene anthu 28 anayambitsa ku Rochdale, ku Mangalande, mu 1844, inasankha kugulitsa pa mtengo wa pamsika, kulandira ndalama pomwepo osati ngongole, ndipo zotsala pa mapeto kuzibwezera kwa mamembala molingana ndi zimene aliyense wagula. Makopaletivi ambiri padziko lapansi anatengera pamenepo. Ife sitifunika kufika pa mtengo wa pamsika weniweni. Ndikupempha kuti pa matumba 20 aliwonse ogulitsidwa, mtengo wa thumba limodzi uzitsala m'bokosi la gulu. Pa matumba 648 aja, ndiye kuti pachaka patsala mtengo wa matumba 32. Muona posachedwa chimene 32 ameneyu adzachite.

Za ngongole ndinena mwachidule. Chaka choyamba pasakhale ngongole, ngakhale kwa wapampando. Ngongole ya chakudya imayenda bwino pokhapokha pamene gulu limagulitsanso mkaka pamodzi n'kumadula pa malipiro. Ife sitinafike pamenepo.

Tsopano nkhunzi. Ndiyambe ndi nthawi, chifukwa njira zonse tiziyesa ndi nthawi. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283. Kuti ibereke chaka ndi chaka, iyenera kutenga bere lina pasanathe masiku pafupifupi 82 chiberekere. Koma sitiikweretsa isanapume masiku 50 kapena 60. Ng'ombe yopanda bere imafuna nkhunzi pa masiku 21 aliwonse, ndipo kufunako kumatha maola 12 mpaka 18, nthawi yotentha kumafupikirapo. Mukawerenga bwino muona kuti tili ndi mwayi umodzi kapena iwiri yokha. Ukaphonya tsiku limenelo wadikira masabata atatu, ukudyetsa ng'ombe imene mkaka wake ukunka nutsika, ndipo thole lotsatira lachedwa ndi masabata atatu omwewo. Njira yabwino ndi imene imapezeka tsiku lomwelo.

Kusunga nkhunzi yakoyako kumapambana pa nthawi, palibe chotsutsa. Koma iwerengereni. Nkhunzi ya makilogalamu 500 imadya udzu wauwisi makilogalamu 40 kapena 50 patsiku, imamwa madzi malita 40 kapena kuposa, ndipo kuti ikhale ndi mphamvu tiipatse makilogalamu awiri a chakudya chowonjezera. Pachaka ndi makilogalamu 730, pafupifupi matumba 15. Mlimi wa ng'ombe ziwiri ndiye kuti bere lililonse lamudyera matumba asanu ndi awiri ndi theka, osawerengera udzu, mankhwala a nkhupakupa ndi khola lolimba. Malo amene nkhunziyo yaima pakanaima ng'ombe yachitatu yokamidwa. Kwa munthu wa ng'ombe 20 njirayi ndi yanzeru. Kwa ambiri a ife ndi kunyada kodula.

Kubwereka ya mnzako, kapena kungosiya ng'ombe ikumane ndi iliyonse kudambo, ndiko kotsika mtengo pa tsikulo. Vuto lake n'lakuti sudziwa chimene wagula. Sudziwa kuti mayi wa nkhunziyo ankatulutsa mkaka wochuluka bwanji. Sudziwa kuti dzulo inakwera ng'ombe yodwala. Nthawi zina sudziwa kuti ndi mlongo wake wa ng'ombe yako. Ndipo mwini wake angathe kuigulitsa mawa osakuuza. Thole lamsoti limene libadwe lidzakhala m'khola lako zaka khumi, ndiye kulakwitsa kwa tsiku limodzi umakukama zaka zonsezo.

Njira ya jakisoni, imene mlangizi amabwera ndi umuna wosungidwa m'botolo lozizira, ndiyo yabwino koposa pa mtundu wa ng'ombe. Umunawo umachokera ku nkhunzi zosankhidwa ndi zoyezedwa matenda, zimene ife sitingathe kugula. Palibe chodyetsa, palibe chokugunda, ndipo vuto la chibale n'losavuta kulipewa. Kumene mlangizi amabwera tsiku lomwelo mukamuitana, ndipo botolo lake silisowa mpweya wozizira wa naitirojeni, ndinganene mosabisa kuti musagule nkhunzi. Koma njirayi yatsamira pa zinthu zitatu zimene zonse ziyenera kuchitika bwino. Mlimi aone zizindikiro pa nthawi yake: kulira, kusakhazikika, chikazi chotuluka choyera ngati dzira laliwisi, ndipo makamaka kuima chilili ina ikamaikwera. Ng'ombe yokhala yokha m'khola ilibe inzake yoti iikwere, ndiye chizindikiro chodalirika chija sichioneka. Chachiwiri, mlangizi afike pa nthawi: yoonedwa m'mawa ibayidwe madzulo, yoonedwa madzulo ibayidwe m'mawa mwake. Chachitatu, umunawo ukhale sunasungunukepo m'njira, ndipo zimenezi mlimi sangazione ndi maso. Ngakhale zonse zili bwino, pa ng'ombe khumi zobayidwa zimatenga bere zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa ulendo woyamba. Chimodzi chikalakwika mumabaya katatu, kanayi, mukulipira ulendo uliwonse.

Nkhunzi ya gulu imatenga pang'ono pa ubwino wa njira zonsezi. Matumba 15 aja akagawidwa pa ng'ombe 40, iliyonse siifika ndi theka la thumba. Ntchito siichulukira: nkhunzi yokhwima imene ikubweretseredwa ng'ombe imodziimodzi chaka chonse imakwanitsa 40 mosavuta, chifukwa ngakhale tiwerengere zobwereza, ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri pa sabata. Yaing'ono, yosafika zaka ziwiri, tiyambe nayo pang'onopang'ono. Ndipo nkhunzi imazindikira yokha ng'ombe imene ikufuna, ngakhale ija yosaonetsa zizindikiro. Sindikuti tisiyiretu jakisoni. Amene ali ndi ng'ombe yabwino kwambiri n'kutha kupeza mlangizi apitirize, nkhunzi ikhale yogwira zimene jakisoni walephera ndi za amene ali kutali ndi mlangizi.

Koma nkhunzi ya gulu ili ndi misampha inayi, ndipo tikapanda kuitchula lero idzatitchula yokha.

Woyamba ndi kasungidwe. Ena adzati izizungulira, mwezi uno kwa uyu, mwezi wamawa kwa uyo, kuti pasakhale wokondera. Ndikukana. Nkhunzi yozungulira aliyense amaidyetsa mongokwaniritsa mwezi wake, ikaonda palibe wolakwa, tsiku lopopera nkhupakupa limagwera pakati pa anthu awiri, ndipo makhola athu ambiri sanamangidwire nyama yotere. Ikhale pa munthu mmodzi, wokhala pakati pa dera, pamene ng'ombe ya aliyense ingafike poyenda ola limodzi kapena awiri. Munthuyo alembedwe ntchito ndi gulu, alandire chakudya cha nkhunzi mwezi ndi mwezi kuchokera mosungira mwathu, manyowa akhale ake, ndipo pa ndalama yokweretsera azitengapo gawo lodziwika. Khola limangidwe ndi gulu, la mitengo yolimba, lokhala ndi kachipinda kapadera kokweretsera. Nkhunzi za mitundu ya mkaka zimalusa zikamakula, ngakhale imene inali yofatsa ili thole. Ikhale ndi mphete pamphuno, ndipo mwana asalowe m'khola lake ngakhale tsiku limodzi.

Wachiwiri ndi matenda, ndipo apa ndi pamene kugawana kuli koopsa kuposa kukhala payekha. Nkhunzi imodzi yokwera ng'ombe 40 ingatenge matenda pa imodzi n'kuwagawira 39. Pali matenda opatsirana pokwerana, monga tirikomonasi, amene nkhunzi imakhala nawo osaonetsa chizindikiro chilichonse, yonenepa ndi yamphamvu, ndipo yokalamba imakhala nawo moyo wake wonse. Palinso buluselosisi, amene amatayitsa bere m'miyezi yomaliza, ndipo amagwira anthu kudzera mumkaka wosawiritsa ndi pogwira zotsalira za kubereka ndi manja. Choncho nkhunzi isalowe m'dera dotolo wa ziweto asanaiyeze, kuphatikizapo chifuwa chachikulu, ndipo ndi bwino kugula yaing'ono imene sinakwerepo. Ng'ombe imene yataya bere, imene zotsalira zinakanirira, kapena imene ikutuluka zonunkha, isabweretsedwe mpaka dotolo ataiona. Lamulo limeneli lidzakhumudwitsa munthu tsiku lina, mwina wa mu komiti, ndipo wosunga nkhunzi ayenera kudziwa kuti gulu lili kumbuyo kwake akakana. Za ng'ombe za anthu akunja ndikudziwa kuti ndalama yake imakopa. Ine ndikuti ayi, kufikira titakhala ndi njira yoziyezera.

Tidzadziwa bwanji kuti zinthu zalakwika? Ndi buku. Wosunga alembe tsiku, dzina la ng'ombe ndi mwini wake pa kukwera kulikonse. Nkhunzi yabwino pa ng'ombe zathanzi imatengetsa bere pafupifupi zisanu ndi chimodzi pa khumi ulendo woyamba. Ng'ombe imodzi ikabwerera katatu pamene zinzake zatenga, vuto lili pa ng'ombeyo kapena pa kadyedwe kake. Koma zambiri za makhola osiyana zikamabwerera pa masiku 21 enieni, kayikirani nkhunzi. Funsani ngati inadwala malungo a nkhupakupa posachedwa, chifukwa kutentha thupi kumawononga umuna, ndipo watsopano umatenga pafupifupi masiku 60 kuti ukhwime. Nkhunzi yotere imakwera bwinobwino koma osabereketsa kwa miyezi iwiri. Zikamabwerera mochedwa ndi mosatsata ndondomeko, ina pa masiku 35, ina pa 50, ndiye kuti bere limayamba n'kufera m'kati, ndipo chimenecho ndi chizindikiro cha matenda opatsirana aja. Pamenepo nkhunzi iime kaye, dotolo aitanidwe. Popanda buku zonsezi mumazizindikira patapita theka la chaka, ng'ombe za mudzi wonse zili zouma.

Wachitatu ndi kusankha mtundu, ndipo apa padzakhala mkangano chifukwa ng'ombe zathu si zofanana. Diso limakopeka ndi nkhunzi yaikulu ya Fuleziyani. Koma nkhunzi yaikulu pa msoti wamng'ono imabweretsa thole lokanirira pobadwa, ndipo mungataye mayi ndi mwana usiku umodzi. Jeze imabereketsa mathole aang'ono, imapirira kutentha kuposa Fuleziyani, ndipo ana ake sadya zochuluka, koma mkaka wake ndi wocheperapo ngakhale uli wamafuta, ndipo mathole ake amphongo sagulidwa bwino. Kumbukiraninso kuti m'badwo uliwonse magazi a mtundu wakunja amawonjezeka: theka, kenako magawo atatu mwa anayi, kenako kupitirira. Ng'ombe ikamayandikira mtundu weniweni imafuna chakudya chambiri ndipo imagonja msanga ku nkhupakupa. Amene udzu wake umatha m'chilimwe asathamangire kumeneko. Tisankhe poyang'ana ng'ombe zazing'ono za gulu ndi khola losauka kwambiri, osati la wolemera. Pokagula, funsani kuona mayi wake ndi mbiri ya mkaka wake. Onani miyendo yakumbuyo ndi ziboda, chifukwa nkhunzi yotsimphina siikwera. Machende akhale awiri, ofanana, olendewera bwino. Pa mitundu ya mkaka, muyeso wozungulira usachepere masentimita 30 pa miyezi 15, ndipo ufike 34 ikapitirira zaka ziwiri.

Wachinayi ndi umene magulu amaiwala chifukwa umabwera zinthu zikukoma. Nkhunzi ikayamba ntchito lero, mwana wake woyamba amabadwa pakatha miyezi isanu ndi inayi. Msoti wodyetsedwa bwino wa mtundu wa mkaka umafika pokweretsedwa pa miyezi 15 mpaka 18. Mukaphatikiza ndi zaka ziwiri ndi miyezi yochepa. Kuyambira pamenepo nkhunzi yathu ikuyang'anizana ndi ana ake omwe. Bambo akakwera mwana wake, zofooka zobisika za mtunduwo zimatulukira: mathole ofooka, okula mochedwa, osatenga bere msanga, a mkaka wochepa. Ndiye tsiku logula nkhunzi tilembe kale tsiku loichotsa. Tingaigulitse n'kuwonjezera pogula ina yosakhala pachibale, kapena kusinthana ndi gulu lina lakutali, zonse ziwiri zitayezedwanso. Ngati ndi yabwino kwambiri moti simukufuna kuitaya, ana ake azibayidwa jakisoni, iyo ipitirize ndi amayi.

Tsopano mwaona chifukwa chimene ndikumangirira zinthu ziwirizi pamodzi, ndiponso chifukwa chimene chakudya chiyenera kutsogola. Nkhunzi yogulidwa ndi chopereka cha tsiku limodzi imadya tsiku lililonse, ndipo kusonkhetsa anthu 20 mwezi ndi mwezi chifukwa cha nyama imene aliyense amaifuna kawiri pachaka n'kovuta. Amene ng'ombe zake zili ndi bere kale amayamba kuzemba. Koma chakudya tonse timagula mwezi uliwonse popanda wotikakamiza. Pa matumba 32 aja otsala m'bokosi, 15 adyetsa nkhunzi chaka chonse, ndipo 17 atsala a mankhwala, a matumba owonongeka ndi a dotolo. Ndalama yokweretsera, imene aliyense alipire pobweretsa ng'ombe, igawidwe pawiri: gawo la wosunga, ndi gawo losungidwa padera logulira nkhunzi yolowa m'malo. Ndalama imeneyo isabwerekedwe pa chifukwa chilichonse. Ng'ombe ikabwerera, ulendo wachiwiri ndi wachitatu ukhale waulere, pambuyo pake dotolo aione. Ndipo pali chifukwa china chopezeka m'khola momwemo: ng'ombe yoonda, imene nthiti zake zikuwerengeka, imachedwa kufuna nkhunzi ikabereka, ndipo ikakwerewa siigwira msanga. Tikagula nkhunzi chakudya tisanakonze, tidzainamizira mlandu umene si wake.

Ena funso lawo ndi lakuti, amene ali ndi ng'ombe zisanu sapindula kuposa wa imodzi? Amapindula, koma amalipiranso zambiri, chifukwa gawo la gulu likuchokera pa thumba lililonse limene wagula ndi ng'ombe iliyonse imene wakweretsa. Pa voti ndi ofanana. Chimene tiyenera kuletsa ndi munthu mmodzi kugula masheya ochuluka moti akafuna kutuluka gulu ligwe. Tiike malire, ndipo wotuluka apereke chidziwitso cha miyezi ingapo asanabwezeredwe zake. Pa ndalama, osaina ku banki akhale atatu, awiri mwa iwo asaine pa kutapa kulikonse, ndipo wosunga makiyi a katundu asakhale yemweyo wolemba buku la katundu. Kutha kwa mwezi anthu awiri osakhala mu komiti awerenge matumba ndi maso awo n'kufananiza ndi buku. Zimenezi si kukayikira munthu, n'kumuteteza msungichuma ku miseche.

Chimene ndikupempha lero si ndalama. Ndikupempha kuti aliyense, asanachoke, auze mlembi chiwerengero cha ng'ombe zake zazikazi, zingati zikukamidwa, ndi matumba amene amagula pamwezi, kuti manambala anga oyerekezera aja alowedwe m'malo ndi enieni. Tisankhe anthu atatu: mmodzi akafunse mitengo yopikulira kwa ogulitsa osachepera atatu, pamodzi ndi mtengo wonyamulira, wina akafunse ku ofesi yolembetsa makopaletivi zofunika ndi chiwerengero cha mamembala chimene lamulo limafuna, wachitatu akakambirane ndi dotolo wa ziweto za kuyeza ng'ombe zathu ndi za mtundu wotiyenera. Abwere ndi mayankho pa msonkhano wotsatira. Ngati kusiyana kwa mtengo wopikulira ndi umene tikugulira lero, titachotsa ulendo, sikufika thumba limodzi pa 20, ndidzakhala woyamba kunena kuti tingopitiriza kusonkherana. Ngati kukupitirira, tivote za masheya tsiku lomwelo, tigule matumba oyamba pa kukolola kukubweraku, ndipo nkhani ya nkhunzi tiitsegule mabuku a chakudya atawerengedwa kawiri n'kupezeka olondola.

Zikomo, wapampando.